Momwe mungayalire yankho lalitali la kusankha kwa chilengedwe kuti mutenge malikisi onse

Ophunzira ambiri a Fomu 4 amaumva bwino mutu wa kusankha kwa chilengedwe, womwe m'kalasi la Bayoloje umatchedwa nachulo selekishoni. Koma funso la malikisi 10 likabwera, amadzaza tsamba lonse n'kungotola malikisi ochepa. Chifukwa chake n'chakuti wochonga sawerenga kuchuluka kwa mizere. Iye amakhala ndi mndandanda wa mfundo zomwe akuzifuna, ndipo pa mutu umenewu mfundozo zimatsatana, chifukwa ina imabereka inzake. Mukadumpha imodzi kapena mukazitembenuza, yankho limayamba kunena zinthu zomwe sizichitika m'chilengedwe, ngakhale mawu ake atakhala a m'buku.

Tigwiritsa ntchito funso limodzi la udzudzu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mayeso a Bayoloje a MSCE amalembedwa m'Chingerezi, choncho mukamvetsa dongosolo lake pano, mukalembe yankho lanu m'Chingereziyo pogwiritsa ntchito mawu enieni a m'buku lanu.

## Zofunika kukhala nazo

- Buku la Bayoloje la Fomu 4 kapena manotsi anu, kuti muone kalembedwe kolondola ka mawu monga veriyeshoni, myuteshoni, jini ndi aleli
- Mafunso awiri kapena atatu a mutu umenewu ochokera m'mapepala a mayeso a m'mbuyomu
- Mapepala a mizere, cholembera, ndi pensulo yolembera pulani
- Cholembera cha mtundu wina chodzichongera
- Wotchi

Funso lathu ndi ili: "Fotokozani momwe udzudzu wa m'dera lina unafikira poleka kufa ndi mankhwala omwe kale ankaupha. Yankho lanu likhale la ndime. (malikisi 10)"

## 1. Tulutsani zinthu zitatu m'funso musanalembe kanthu

Dulani mzere pansi pa chamoyo chomwe funso likunena, pansi pa chibadwa chomwe chasintha, ndi pansi pa chinthu chomwe chikupha zina n'kusiya zina. M'funso lathu chamoyo ndi udzudzu, chibadwa ndi kusamva mankhwala, ndipo chomwe chikusankha ndi mankhwalawo. Chachitatuchi ndiye chimatchedwa selekishoni puresha. Mayina atatuwa ayenera kumaoneka m'ziganizo zanu kufikira kumapeto.

Onaninso malikisi. Malikisi 10 akutanthauza kuti mukufunika mfundo zosiyana zokwana pafupifupi 10, kapena mfundo zisanu zomwe iliyonse ili ndi chifukwa chake. Nthawi mumaipeza pogawa mphindi za pepala lonse ndi malikisi ake onse. Ngati pepala lili la mphindi 120 ndi malikisi 100, funsoli likuyenera mphindi 12: ziwiri za pulani, zisanu ndi zitatu zolemba, ziwiri zowerenganso.

Chenjezo: funso likatchula udzudzu, musayankhe ndi mawu ongoloweza akuti "zamoyo zimasiyana, zamphamvu zimapulumuka". Wochonga akufuna kuona kuti mfundozo mwazigwiritsa ntchito pa udzudzu ndi mankhwala.

## 2. Lembani pulani ya mawu asanu ndi limodzi

M'mphepete mwa pepala lembani ndi pensulo mawu awa motsatana:

1. kusiyana, ndi gwero lake
2. kuchuluka kwa ana
3. chosankha
4. kupulumuka
5. kubereka ndi kupatsira ana
6. mibadwo ndi kusintha kwa gulu

Liwu lililonse lidzakhala chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Ngati funso lanena kuti yankho likhale la ndime, manambalawa atsale m'pulani momwemo, asalowe m'yankho. Mukamaliza mudule pulaniyo ndi mzere umodzi kuti wochonga asaitenge ngati gawo la yankho.

## 3. Yambani ndi kusiyana komwe kunalipo kale

Apa ndiye pamene malikisi ambiri amapezeka kapena kutayika, choncho pakhaleni. Chiganizo chanu choyamba chinene kuti mankhwala asanayambe kugwiritsidwa ntchito, udzudzu wa m'deralo sunali wofanana: wambiri unali woti mankhwala angauphe, koma wochepa unali kale ndi chibadwa chousiyanitsa ndi unzake. Mawu akuti "asanayambe" ndi "kale" muwalembe ndithu, chifukwa ndi omwe akusonyeza kuti mwamvetsa chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira.

Kenako nenani komwe kusiyanako kunachokera. Kunachokera ku myuteshoni, kusintha kwa jini komwe kumachitika mwangozi, ndipo kusinthako kunabweretsa aleli yatsopano, kutanthauza mtundu wina wa jini yomweyo. Kubereka kwa waukazi ndi wamphongo kumasakaniza maaleli, motero ana a kholo limodzi safanana. Onjezani kuti kusiyanaku ndi kwa m'majini, choncho ana angathe kukutengera. Chiganizo chimenechi n'chachifupi, koma popanda icho mfundo yachisanu ya m'pulani idzasowa poimira.

Ngati mukufuna kusonyeza chomwe aleliyo imachita, nenani kamodzi basi: udzudzu wina umapanga maenzayimu ambiri ophwanya mankhwala m'thupi mwake asanauphe. Zimenezi n'zomwe zapezeka pa udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus kuno ku Malawi, monga ku Chikwawa, umene supheka mosavuta ndi mankhwala a gulu la pairethiroyidi omwe amanyikidwa m'maneti. Chitsanzo chakwathu chotere chimakometsa yankho, koma sichilowa m'malo mwa mfundo iliyonse ya m'pulani.

Chenjezo: musalembe kuti mankhwala ndiwo anachititsa myuteshoni, kapena kuti udzudzu unasintha majini ake utaona kuti ukufa. Mankhwala amagwira ntchito ngati sefa wa ufa: sefa sapanga misere, amangoilekanitsa ndi ufa chifukwa inalimo kale. Yankho loyamba ndi mawu akuti "udzudzu utapoperedwa unayamba kupanga chitetezo" lataya malikisi a kusiyana, a myuteshoni, ndipo kawirikawiri a kupulumuka omwe, chifukwa zonse zotsatira zamangidwa pa chiganizo cholakwika.

## 4. Nenani za kuchuluka kwa ana, kenako tchulani chosankha

Mfundo yachiwiri musataye nayo nthawi. Udzudzu waukazi umaikira mazira 50 mpaka 200 nthawi imodzi, ana ambiri kuposa omwe angakule n'kuberekanso. Ambiri amafa, ndipo pamakhala kulimbirana moyo. Chiganizo chimodzi chakwana.

Ndiyeno tchulani chosankha ndi dzina lake: mankhwala opopera m'nyumba kapena a m'maneti ndiwo selekishoni puresha. Ophunzira ena amalemba za kulimbirana chakudya ndi malo pafunso ngati ili chifukwa ndi zomwe analoweza. Sizolakwika kwenikweni, koma si zomwe zikusiyanitsa udzudzu wofa ndi wotsala m'funsoli. Chosankha chikhale chomwe funso lakupatsani.

## 5. Lembani kupulumuka, kubereka ndi kupatsira ana ngati mfundo zitatu

Ambiri amazipanikiza zitatuzi m'chiganizo chimodzi, kapena amalemba yoyamba yokha. Zilekanitseni.

Poyamba fanizirani mbali ziwirizo: udzudzu wopanda aleli yosamva mankhwala umafa wambiri, pamene wokhala nayo uli ndi mwayi waukulu wopulumuka. Mbali zonse ziwiri zitchulidwe, chifukwa palibe kusankha popanda kusiyana kwa wofa ndi wotsala. Mawu akuti "mwayi waukulu" ndi olondola kuposa "wonse unapulumuka". Udzudzu wosamva mankhwala umathabe kudyedwa ndi buluzi kapena kuphedwa ndi dzanja la munthu.

Chachiwiri, wopulumukawo umafika msinkhu wobereka ndipo umasiya ana ambiri kuposa winawo. Kupulumuka kokha sikusintha kanthu. Udzudzu womwe wakhala moyo wautali osaikira dzira sunasiye chilichonse m'badwo wotsatira.

Chachitatu, makolowo amapatsira ana awo aleli yosamva mankhwala. Samalani apa: chomwe chimapita kwa mwana ndi aleli, kudzera m'dzira ndi umuna. Mukalemba kuti "amapatsira ana mphamvu zawo" kapena "luso lawo", wochonga wokhwima sakupatsani malikisi, chifukwa mawuwo akumveka ngati zomwe kholo laphunzira kapena kuzolowera pamoyo wake.

Lumikizani ziganizozi ndi mawu osonyeza chifukwa ndi zotsatira, monga "chifukwa", "choncho", "motero". Funso lofuna kufotokoza momwe chinthu chinachitikira limayankhidwa ndi mawu amenewa. Ziganizo zongondandalika popanda cholumikizira zimauza wochonga kuti mfundo mwaziloweza, koma simukudziwa kuti zikugwirizana bwanji.

## 6. Malizani ndi gulu lonse, osati ndi udzudzu umodzi

Chiganizo chomaliza chinene kuti zimenezi zikabwerezedwa kwa mibadwo yambiri, mankhwala omwewo akugwirabe ntchito m'deralo, aleli yosamva mankhwala imachuluka m'gulu lonse mpaka udzudzu wambiri umakhala wosafa nawo. Mfundo ndi ziwiri apa: mibadwo yambiri, ndi kuchuluka kwa aleli m'gulu.

Kuti muone chifukwa chake gulu ndilo limasintha, tsatirani masamu awa. Manambalawa ndi ongoyerekezera, ndipo tikutenga ngati ana amafanana ndi makolo awo ndendende, zomwe m'chilengedwe sizikhala zophweka chomwecho. Tinene kuti pali udzudzu 1,000, ndipo 10 wokha ndiwo wosamva mankhwala. Mankhwala akupha 90 pa 100 iliyonse ya udzudzu wamba, koma 10 pa 100 yokha ya wosamva. Akapopera koyamba patsala wamba 99 ndi wosamva 9. Wosamva unali 1 peresenti, tsopano uli pafupifupi 8 peresenti ya wotsala, ngakhale palibe udzudzu ndi umodzi womwe womwe wasintha. Otsalawa akaberekana n'kubwerera pa 1,000, wosamva ukhala pafupifupi 83 ndipo wamba 917. Kupopera kwachiwiri kusiya wosamva 75 ndi wamba 92, ndiye kuti wosamva wafika pa 45 peresenti. Kachitatu ufika pa 88 peresenti. Kukatentha, dzira la udzudzu limafika pokhala udzudzu wouluka m'masabata osapitirira awiri, choncho chaka chimodzi chimakhala ndi mibadwo yambiri, ndipo iyi ndi mfundo yabwino kuionjezera ngati funso lafunsa chifukwa chake kusinthaku kumafulumira.

Masamuwa musawalembe pamayeso pokhapokha funso litakupatsani manambala kapena girafu. Likakupatsani, tengani manambala awiri a m'funsomo, loyambira ndi lomalizira, muwaike m'chiganizo chanu chomaliza pamodzi ndi zaka zake.

## 7. Yankho lonse likaikidwa pamodzi

Nali yankho lotsata pulani ija, m'ndime zitatu:

> Mankhwala asanayambe kugwiritsidwa ntchito, udzudzu wa m'deralo unali wosiyanasiyana: wambiri unkafa ndi mankhwala, koma wochepa unali kale wosawamva. Kusiyanaku kunachokera ku myuteshoni yochitika mwangozi, yomwe inabweretsa aleli yothandiza udzudzu kuphwanya mankhwala m'thupi mwake. Popeza kusiyanaku ndi kwa m'majini, ana angathe kukutengera.
>
> Udzudzu umabereka ana ambiri kuposa omwe angapulumuke, choncho pamakhala kulimbirana moyo. Mankhwala atayamba kupoperedwa anakhala selekishoni puresha. Udzudzu wopanda aleliyo unafa wambiri, pamene wokhala nayo unali ndi mwayi waukulu wopulumuka. Wopulumukawo unafika msinkhu wobereka n'kusiya ana ambiri, motero unapatsira anawo aleli yosamva mankhwala.
>
> Zimenezi zinabwerezedwa kwa mibadwo yambiri pamene mankhwala omwewo ankagwiritsidwabe ntchito. Choncho aleliyo inachuluka m'gulu lonse, kufikira udzudzu wambiri wa m'deralo unakhala wosafa ndi mankhwalawo.

Tengani cholembera cha mtundu wina muwerenge mfundo: kusiyana kunalipo kale, myuteshoni yamwangozi, ntchito ya aleli, kutengera, kuchuluka kwa ana, chosankha, kufa kwa wina, kupulumuka kwa wina, kubereka, kupatsira aleli, mibadwo yambiri, kuchuluka kwa aleli m'gulu. Zakwana 12 pa funso la malikisi 10. Kupitirira pang'ono chotero n'kwabwino, chifukwa simudziwa mfundo ziti zomwe wochonga waziphatikiza kukhala imodzi. Onaninso kufupika kwake. Palibe mawu oyamba onena za moyo wa Charles Darwin, palibe ndime yotsiriza yobwereza zomwe zanenedwa. Zinthu zimenezo zimadya mphindi popanda kubweza malikisi, pokhapokha funso litazifunsa.

## 8. Yesani pulaniyo pa chamoyo china

Mukaloweza yankho la udzudzu liwu ndi liwu, funso likasintha mudzagwa nalo. Chofunika kuloweza ndi pulani ya mawu asanu ndi limodzi. Iyeseni pa gulugufe wa usiku wa ku England wotchedwa Biston betularia, yemwe amapezeka m'mabuku ambiri a Bayoloje. Kusiyana kwake ndi kwa mtundu: ambiri anali otuwa a mawangamawanga, ochepa akuda. Ku Manchester, wakuda woyamba kulembedwa anapezeka mu 1848, ndipo pofika 1895 pafupifupi 98 peresenti ya agulugufe amenewa mumzindawo anali akuda. Utsi wa m'mafakitale unapha ndere za pamakungwa n'kudetsa mitengo ndi mwaye, motero otuwa anayamba kuonekera patali.

Msampha wa funsoli uli pa mfundo yachitatu. Chosankha si utsi, ndi mbalame zomwe zinkadya agulugufe ooneka mosavuta. Utsi unangosintha malo omwe agulugufewo ankaterapo. Ndipo mwaye sunadetse mapiko a gulugufe aliyense. Akuda anabadwa akuda chifukwa cha aleli yomwe anatengera. Mukalemba funso ili m'mphindi 12 n'kupeza mfundo 10 podzichonga, chitaninso chimodzimodzi ndi mabakiteriya osamva mankhwala.

## Zolakwika zomwe zimabwera kawirikawiri

Kupatsa chamoyo cholinga. Mawu akuti "kuti upulumuke", "unafuna", "unayesetsa" ndi "unafunika kusintha" amaonetsa ngati udzudzu unakhala pansi n'kuganiza. Powerenganso yankho lanu, sakani mawu amenewa. Chiganizo chakuti "udzudzu unasintha kuti usafe" chikonzeni chikhale "udzudzu womwe unali kale ndi aleliyo sunafe". Ganizo lakuti chamoyo chimasintha thupi chifukwa cha kusowa n'kupatsira ana zomwe chapezazo ndi la Lamarck, ndipo limangolembedwa pamene funso lakupemphani kufanizira ganizo limeneli ndi la Darwin la kusankha kwa chilengedwe.

Kunena kuti udzudzu unazolowera mankhwala. Kuzolowera kumachitika m'thupi la chamoyo chimodzi pamoyo wake, ndipo sikupita kwa ana. Chimodzimodzi, musabwereke mawu a mutu wa chitetezo cha m'thupi, onena za katemera ndi maantibodi. Udzudzu sunalandire katemera. M'Chingerezi mawu a zinthu ziwirizi ndi osiyana, choncho onani m'buku lanu lomwe limanena za kusamva mankhwala ndipo mugwire lomwelo.

Kulemba kuti zamphamvu ndizo zimapulumuka. Udzudzu wosamva mankhwala suposa unzake kukula kapena liwiro. Uli ndi chibadwa choyenerana ndi malo omwe muli mankhwala, basi, ndipo malowo akasintha mwayi umatembenuka. Malawi ali ndi chitsanzo chodziwika bwino cha zimenezi. Mu 1993 dziko lino linasiya kugwiritsa ntchito kolorokwini ngati mankhwala oyamba a malungo n'kuyamba Fansida, chifukwa tizilombo ta malungo tambiri tinali titaleka kumva kolorokwiniyo. Ku Blantyre, myuteshoni yosamva kolorokwini inkapezeka pa 85 peresenti ya matenda omwe anayezedwa mu 1992, koma pofika 2000 inatsika kufika pa 13 peresenti. Mankhwala atachoka, tizilombo tosamva tija tinalibenso mwayi woposa tinzake, ndipo tomva mankhwala tinachulukanso. Funso likafunsa zomwe zingachitike mankhwala atasiyidwa, pulani ndi yomweyo, kungoti mbali yomwe ikusiya ana ambiri yasintha.

Kusokoneza jini ndi aleli. Jini imeneyo udzudzu wonse uli nayo. Chomwe chikusiyana ndi mtundu wa jiniyo, womwe ndi aleli. Ngati buku lanu likunena za "jini yosamva mankhwala", mungatsate bukulo, koma musasinthesinthe mawu pakati pa yankho.

Kulumphira ku mtundu watsopano. Udzudzu wosamva mankhwala ukadali mtundu womwewo ndipo umaberekana ndi unzake. Kupangika kwa mtundu watsopano kumafuna mfundo zina, monga kulekanitsidwa kwa magulu mpaka kulephera kuberekana n'kukhala ndi ana obereka. Zimenezo zilembeni pokhapokha funso litazitchula.

Kudzitsutsa. Ena amalemba bwino kuti kusiyana kunalipo kale, kenako m'ndime yomaliza n'kuonjezera kuti "motero udzudzu unaphunzira kupirira mankhwala". Ochonga ambiri sapereka malikisi pa mfundo yomwe mwaitsutsa nokha m'yankho lomwelo. Mphindi ziwiri zomaliza zija muzigwiritse ntchito posaka ziganizo zoterezi, ndipo chomwe mwachipeza muchidule ndi mzere umodzi wooneka bwino n'kulemba cholondola pamwamba pake.